Dola ipite komwe ikathandize kwambiri: mfundoyi idachokera kuti, nanga oitsutsa akuti chiyani?

Kuyambira mu Januwale 2025, pomwe boma la Amereka lidaimitsa gawo lalikulu la thandizo lomwe limapereka kumaiko osauka, funso lomwe kale linkangokambidwa m'maofesi a mabungwe lafika mpaka m'makomiti a mipingo ndi m'magulu othandizana pamaliro kuno ku Harare. Ndalama zachepa koma mavuto ali pomwepo. Nanga zochepazo zipite kuti?

Pali anthu ena, ambiri a iwo ophunzira a ku Ulaya ndi ku Amereka, omwe ali ndi yankho lakuthwa. Iwo amati musayang'ane yemwe muli naye pafupi, kapena yemwe wakukhudzani mtima, koma muwerengere komwe dola iliyonse ingachite zazikulu, n'kuitumiza kumeneko. Kwa ife a ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku, omwe makolo athu adachokera ku Nyasalande ndipo mpaka lero timagawa kandalama kathu pakati pa kuno ndi kumudzi, mawuwa ena amawamva ngati nzeru, ena ngati chipongwe. Kuti tiweruze bwino tiyambe taona mmene anthuwa amawerengera.

Mwana wogwera m'dziwe

Muzu wa mfundoyi ndi nkhani yomwe Peter Singer, katswiri wa kaganizidwe wa ku Australia, adasindikiza mu 1972, atakhudzidwa ndi anthu othawa nkhondo ndi njala ku Bengal. Iye adati: tiyerekeze mukudutsa pafupi ndi dziwe losazama, ndipo mwaona mwana akumira. Mukalowamo zovala zanu zidetsedwa ndi matope. Palibe munthu wamaganizo abwino angadutse n'kumati zovala zanga ndi zodula. Ndiye adafunsa kuti ngati mwana wina akufa kutali, ndipo ndalama yochepa ikanamupulumutsa, kutalikako kukusintha chiyani? Kwa iye sikusintha kanthu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ngakhale mnzakoyo simudaonanepo.

Kwa zaka zambiri izi zidali zokambirana za m'kalasi. Zidasanduka ntchito mu 2007, pomwe anyamata awiri a ku Amereka, Holden Karnofsky ndi Elie Hassenfeld, adasiya ntchito pakampani yoyendetsa ndalama za anthu olemera n'kuyambitsa bungwe la GiveWell. Ntchito yake ndi imodzi: kufufuza mabungwe othandiza anthu ndi kunena kuti ndi ati omwe akupulumutsa miyoyo yambiri pa ndalama yofanana. Mu 2009 Toby Ord ndi anzake ku Oxford adayambitsa gulu la Giving What We Can, lomwe mamembala ake amalonjeza kupereka limodzi mwa magawo khumi a zomwe amapeza. Kwa munthu wa mpingo chakhumi si chachilendo. Chatsopano n'chakuti ndalamayo imapita komwe umboni waloza, osati komwe woperekayo adazolowera.

Chomwe chimawalimbitsa mtima ndi ichi: amati kusiyana kwa mabungwe si kwakung'ono ayi. Bungwe lina likhoza kuchita zoposa linzake kakhumi kapena kuposera apo, onse ali oona mtima, onse osaba. Chitsanzo chomwe amakonda ndi cha mijigo yotchedwa PlayPump, yomwe inkakoka madzi ana akamazungulira pa chinthu chosewerera. Mu 2006 idalonjezedwa madola oposa 16 miliyoni, ndipo idaikidwa ku South Africa, ku Mozambique, ku Malawi ndi kwina. Umodzi unkadya madola pafupifupi 14,000, kuposa mjigo wamba kangapo. Ana atatopa nayo, amayi ndiwo ankakankha chizungulirecho ndi manja, ndipo ukawonongeka zipangizo zake sizinkapezeka msanga. Opereka adali ndi mtima wabwino, koma m'midzi ina madzi adayamba kuvuta kuposa kale.

Mtengo wa moyo umodzi: chitsanzo cha neti

Nambala yomwe imamveka kwambiri kuchokera kwa anthuwa ndi yakuti madola pafupifupi 5,000 ogulira maneti a udzudzu amapulumutsa moyo umodzi. Ambiri amadabwa pawiri. Ena amati neti ndi yotchipa, bwanji ndalama yonseyo? Ena amati munthu angadziwe bwanji kuti wapulumutsa moyo wa yemwe sadadwale n'komwe? Tiyende nayo pang'onopang'ono. Manambala ena pano ndawazunguliza kuti masamu asatipweteke mutu, koma njira yake ndi yomweyi.

Neti yonyikidwa m'mankhwala imagulidwa pa madola awiri kapena kuposera pang'ono. Mukaphatikiza kuinyamula, kulemba maina a mabanja, kugawa ndi kubwererako kukaona ngati ikugwiritsidwa ntchito, imafika pa madola asanu. Choncho madola 5,000 ndi maneti 1,000. Ogawa amawerengera kuti neti imodzi imafunditsa anthu osakwana awiri, tinene kuti maneti 1,000 ndi anthu 1,800.

Apa kuchotsera kumayamba. Si neti iliyonse imapachikidwa. Ina imasungidwa m'chikwama kudikira alendo, ina imatchingira mbewu kudimba, ndipo m'mbali mwa nyanja ina imakathera kuusipa. Tiyerekeze kuti anthu atatu mwa anayi alionse akugonadi m'neti: atsala 1,350. Mwa awa, omwe malungo amawapha kwambiri ndi ana osakwana zaka zisanu, ndipo m'midzi yathu ana otere ndi mmodzi mwa anthu asanu ndi mmodzi kapena chapompo. Ndiye kuti ana 225. Neti imatha zaka ziwiri kapena kuposerapo pang'ono isanabooke ndi kutha mphamvu ya mankhwala. Ana 225 kwa zaka ziwiri n'chimodzimodzi ana 450 kwa chaka chimodzi.

Tsopano umboni. Kafukufuku wamkulu adachitika ku Gambia, Ghana, Kenya ndi Burkina Faso, komwe midzi ina inkapatsidwa maneti kapena makatani onyikidwa m'mankhwala ina osapatsidwa, posankha mwamaere kuti pasakhale kukondera. Ataphatikiza zotsatira zake, akatswiri a bungwe la Cochrane adapeza kuti pa ana 1,000 ogona m'neti kwa chaka, imfa zisanu kapena zisanu ndi imodzi zimapewedwa. Pa ana athu 450 aja, ndiye imfa ziwiri ndi theka.

Koma sangaimire pamenepo. Kafukufukuyu adachitika kale, makamaka m'zaka za m'ma 1990, pomwe ana ankafa kwambiri kuposa lero, mankhwala a malungo amakono asanafike m'zipatala zakumidzi. Udzudzu wambiri udazolowera mankhwala akale a m'maneti, n'chifukwa chake pano akupanga maneti a mankhwala awiri, odulirapo. Ndiponso pali funso lomwe ambiri sitiliganizira: mukadapanda kugula manetiwo, kodi boma kapena bungwe la Global Fund silikadagula ena mwa iwo? Ngati likadagula, ndalama yanu sidawonjezere maneti onse 1,000. Akachotsera zonsezi, n'kuwonjezerapo akuluakulu ochepa omwe nawonso apulumuka, nambala imatsikira kufupi ndi imfa imodzi.

Tsono tiyerekeze kuti amayi a chigwirizano pampingo wina ku Highfield asonkha madola 1,000 pachaka chonse. Akatsata masamuwa, ndalamayo igula maneti 200, ipewetsa anthu ambiri kudwala, ndipo ikwana limodzi mwa magawo asanu a moyo umodzi wopulumuka. Mwana wopulumukayo sadzadziwika dzina, ngakhale mayi ake sadzadziwa kuti imfa idadutsa pakhomo. Ndalama yomweyo ikhoza kulipira fizi ya ana amasiye angapo a mumpingo momwemo, omwe amayiwo adzawaona Lamlungu lililonse atavala yunifolomu. Mkangano wonse wagona pa kusiyana kumeneku. Ine ndimaona kuti masamu a neti ndi olimba kuposa mmene oitsutsa ambiri amaganizira, chifukwa sitepe iliyonse ili poyera ndipo munthu akhoza kuloza pomwe sakugwirizana napo. Koma nambala yomaliza ija si yoyeza pasikelo. Ndi yoyerekeza, ndipo mukasintha ziwiri mwa zongoganizira zija ikhoza kukwera kapena kutsika kawiri.

Dola yotsatira, osati dola yoyamba

Mfundo ina yomwe imasokoneza anthu ndi yakuti funso si lakuti "kodi ntchitoyi ndi yabwino?" koma "kodi dola yowonjezera ichita chiyani pamenepa?" Mlimi aliyense amadziwa kuti thumba loyamba la feteleza pamunda woguga limasintha zokolola kwambiri, lachiwiri limawonjezera pang'ono, ndipo lakhumi pamunda womwewo likhoza kungotentha chimanga. Feteleza ndi yemweyo, chasintha ndi malo omwe wagwera.

N'chifukwa chake neti yomweyo ili ndi phindu losiyana malinga ndi dera. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 ndipo malungo ogwidwira mumzinda muno ndi ochepa. Ambiri odwala amakhala kuti achokera nawo kwina. Kugawa maneti 200 ku Mufakose sikungapulumutse ana monga kuwagawa kuchigwa cha Zambezi, kumalire a Mozambique m'chigawo cha Manicaland, kapena kumudzi ku Ntcheu, komwe bungwe la Against Malaria Foundation lidagawako maneti ochuluka kumayambiriro kwa 2012. Vuto lalikulu la ana a kuno ndi madzi. Kolera ya 2008 ndi 2009 idapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, Budiriro ili pakati penipeni pa mliriwo, ndipo idabwereranso ku Glen View ndi Budiriro mu 2018. Choncho mfundoyi siikunena kuti neti ndiye yankho kulikonse. Ikunena kuti muyang'ane chomwe chikupha anthu pamalopo, mtengo wochiletsa, ndi ngati wina akulipira kale.

Maganizo omwewa ndiwo amawapangitsa kukayikira zopereka za nthawi ya ngozi. Namondwe Idai atasakaza Chimanimani mu Malichi 2019, komanso Freddy atagumula mapiri ku Blantyre ndi madera oyandikana nawo mu Malichi 2023, anthu adapereka ndi mtima wonse, ndipo n'zoyenera. Koma otsata mfundoyi amati ngozi yooneka pakanema imakoka opereka ambiri nthawi imodzi, pomwe malungo amapha mwakachetechete chaka chonse opanda woulutsa. Dola yotsatira, iwo amati, kawirikawiri imachita zambiri komwe kulibe makamera.

Chotsutsa choyamba: umboni umagwedezeka

Nkhani ya njoka zam'mimba ndiyo imaonetsa bwino vutoli. Michael Kremer ndi Edward Miguel adachita kafukufuku m'sukulu 75 ku Busia, ku Kenya, ndipo mu 2004 adalengeza kuti kumwetsa ana mankhwala a njoka kudachepetsa kujomba ndi limodzi mwa magawo anayi. Mankhwalawo sakwana dola pa mwana pachaka, ndiye ntchitoyi idatchuka ngati yotchipa koposa. Mu 2015 akatswiri ena a ku London adawerengeranso manambalawo, adapezamo zolakwika, ndipo padabuka mkangano waukulu womwe sudathe bwinobwino. A Cochrane nawo adapeza kuti kumwetsa ana onse, odwala ndi osadwala omwe, sikusintha kwenikweni kulemera kwa thupi kapena kukhoza m'kalasi. GiveWell idapitiriza kulimbikitsa ntchitoyi kwa zaka zingapo ikuvomereza poyera kuti mwina phindu lake ndi lochepa zedi, ndipo mu 2022 idaichotsa pamndandanda wa ntchito zapamwamba. Oikira kumbuyo amati umu ndi mmene ziyenera kukhalira, kusintha umboni ukasintha. Otsutsa amati ngati nambala imodzi ingagwedezeke chonchi, anthuwa azilankhula modzichepetsa.

Chotsutsa chachiwiri: amene amaika mtengo ndani?

Kuti muyerekeze neti ndi fizi, kapena neti ndi kupatsa banja ndalama m'manja monga limachitira bungwe la GiveDirectly ndi Mtukula Pakhomo ku Malawi, muyenera kunena kuti moyo wa mwana mmodzi ukufanana ndi mabanja angati otukuka. Palibe kafukufuku angayankhe zimenezo, ndi chiweruzo cha munthu. GiveWell imawerengera kuti kupewa imfa ya mwana wamng'ono n'kofunika kuposa kuwirikiza kawiri chuma cha anthu 100 kwa chaka. Mu 2019 idatuma ofufuza kukafunsa anthu osauka ku Kenya ndi ku Ghana, ndipo ambiri adaika moyo wa mwana pamwamba kuposa mmene bungwelo linkaganizira. Kufunsako kudali kwabwino, koma ndi maiko awiri okha, ndipo sikelo idakali m'manja mwa opereka.

Chitsanzo chili pakhomo pathu pomwe. Friendship Bench idayambira ku Mbare mu 2006, pomwe dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa kiliniki n'kumamvetsera anthu olemedwa mtima, kuwathandiza kusankha vuto limodzi ndi kupeza njira yolithetsera. Kafukufuku wa m'makiliniki 24 a mu Harare, wosindikizidwa mu 2016, adapeza kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, pafupifupi theka la omwe adalandira chithandizo chamasiku onse adali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa kwakukulu, pomwe mwa okhala pabenchi adali pafupifupi 14 pa 100 alionse. Mukamawerenga imfa zopewedwa, benchi silioneka kwenikweni. Bungwe la Happier Lives Institute, lomwe limayeza mmene anthu akukhutirira ndi moyo wawo, limaika ntchitoyi pamwamba kwambiri. Magulu awiri onsewa ndi a mfundo imodzi yomweyi, koma asiyana poti wina akuwerenga maliro, wina akuwerenga mtendere wa mumtima.

Chotsutsa chachitatu: zosawerengeka

Akuluakulu ambiri a kuno akukumbuka zaka zomwe zitupa zawo zinkawaonetsa ngati alendo m'dziko lomwe adabadwiramo, osaloledwa kuvota, ana awo akuvutika kupeza mapepala. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adavomereza kuti wobadwira muno malamulowo asanakhazikitsidwe, kwa kholo lochokera kumaiko a SADC, ndipo akukhala muno, ndi nzika. Anthu omwe adalimbikira kusinthaku sakadatha kuuza wopereka aliyense kuti dola yake ipindula zingati. Chonsecho zotsatira zake zidakhudza mabanja osawerengeka. Apa ndi pomwe otsutsa amaluma: njira yofuna umboni wamaere imakondera zinthu zogawika monga neti ndi mapiritsi, n'kusiya malamulo, ndale ndi mapaipi a madzi a mzinda wonse.

Angus Deaton, katswiri wa zachuma yemwe adalandira mphoto ya Nobel mu 2015, amapitirira apo. Iye amati thandizo lochokera kunja likamagwira ntchito yomwe boma limayenera kugwira, boma limasiya kuopa anthu ake. Oyankha amati mwana wodwala malungo usiku uno sangadikire kuti boma likonzeke. Zomwe zidachitika thandizo la Amereka litaima mwadzidzidzi zapatsa mbali zonse ziwiri chonena: ena akuloza kuopsa kodalira alendo, ena akuloza kuchuluka kwa miyoyo yomwe thandizolo linkagwiriziza.

Gulu la otsata mfundoyi lidadetsedwanso mbiri mu Novembala 2022, pomwe kampani yogulitsa ndalama za pa intaneti ya FTX idagwa. Mwini wake, Sam Bankman-Fried, ankadziwika ngati wotsata mfundoyi wofuna kulemera kuti apereke zambiri, ndipo mu 2024 adagamulidwa zaka 25 kundende chifukwa chobera makasitomala. Izi sizisintha masamu a neti, koma zidadzutsa funso la mmene munthu angadzinamizire akakhulupirira kuti zabwino zomwe adzachite zikulungamitsa njira iliyonse.

Chotsutsa chachinayi: nanga abale?

Ichi ndicho chimatikhudza kwambiri. Makolo athu atafika ku Salisbury, yomwe pano ndi Harare, adalibe mudzi wokaikidwako, ndipo magulu othandizana pamaliro ndiwo adali mudzi wawo. Munthu akamasonkha mwezi ndi mwezi, kapena kutumiza kangachepe kwa amalume ku Dedza, sakuchita zomwe Singer ankanena. Kupatsa n'kuika: lero ndi iwo, mawa ndi iwe, ndipo komwe kulibe penshoni yodalirika, makamaka ndalama zitasanduka mapepala mu 2008, chibale ndiye chitetezo chomwe chidatsala. Singer ankalembera anthu omwe ali ndi zotsala atadya, atalipira nyumba ndi chipatala. Wogulitsa tomato ku Mbare Musika sali m'gulu limenelo, ndipo ambiri otsata mfundoyi amavomereza kuti sakunena iye.

Komabe mbali inayo ili ndi mawu ake. Chibale chimathandiza omwe ali ndi achibale opeza. Mwana wa kumudzi komwe kulibe aliyense adapita kutauni kapena ku Joni alibe womutumizira, ndipo ndi yemweyo amene neti ya mlendo imamufikira. Ena amathetsa nkhaniyi pogawa matumba awiri, la udindo kwa abale ndi la anthu osawadziwa, n'kuwerengera phindu pa lachiwiri lokha. Singer weniweni angafunse kuti malire a matumbawo mwawaika potengera chiyani.

Mafunso omwe adakali poyera

Loyamba ndi la sikelo. Ngati akatswiri awiri oona mtima akusiyana pa neti ndi benchi la agogo chifukwa akuyeza zinthu zosiyana, ndani ayenera kusankha choyezera: wopereka, wofufuza, kapena wolandira? Ndipo wolandira akafunsidwa n'kunena kuti akufuna malata a nyumba osati neti, mawu ake alemere bwanji poyerekeza ndi moyo wa mwana wake yemwe sangafunsidwe?

Lachiwiri ndi la zinthu zosayezeka. Kodi dola yopita kwa anthu okakamiza khonsolo kuti ikonze mapaipi a ku Budiriro iwerengedwe bwanji, poti ikhoza osabala kanthu kwa zaka khumi kenako n'kuthetsa kolera m'dera lonse? Ena m'gululi ayamba kuika ndalama pa zinthu zotere, ndipo ena apita patali mpaka kumadera nkhawa za mibadwo yomwe sidabadwe, zomwe anzawo akuti zikuchotsa ndalama kwa ovutika a lero.

Lachitatu labwera ndi kuchepa kwa thandizo la maboma. Masamu a neti aja ankachotsera maneti omwe ena akadagula. Ogula enawo akachoka, dola ya munthu wamba ikuchita zambiri kuposa kale, koma magalimoto, makiliniki ndi alangizi a zaumoyo omwe ankafikitsa netiyo pakhomo ndi omwewo ataya ndalama. Ndi mbali iti mwa ziwirizi yomwe ilemere kwambiri, ndipo kodi gulu laling'ono ngati la amayi a ku Highfield aja lingatsimikize bwanji kuti madola awo 1,000 afikadi pamphasa ya mwana ku Ntcheu kapena ku Muzarabani?